Kalata ya ana a kalabu yopita ku khonsolo, tithandizeni kuyiwona isanapite

Madamu a kalabu: Mwaswera bwanji nonse. Pepani ndalowa ndi nkhani yaitali. Ana anga a kalabu ya zachilengedwe alemba kalata yopita ku khonsolo ya tauni yathu ino, akufuna tiyambe kusankhula zinyalala pasukulu, zoola tizipangira manyowa zinazo tizigulitsa kwa omwe amakazikonzanso. Maganizo ndi awo ndithu ine sindinawawuze, chinawawawa ndi utsi wa kudzenje kuja kuseli kwa folomu 2, Lachisanu lililonse tikayatsa ana amaphunzira akutsokomola. Ndayiyika apa m'Chichewa mmene anayambira kulemba, yachizungu tidzapanga tikagwirizana mfundo.

"Okondedwa akuluakulu a khonsolo, ife ndife ophunzira a kalabu ya zachilengedwe. Pasukulu pathu zinyalala zonse timataya dzenje limodzi kenako timayatsa. Tikufuna kusiya kuyatsa. Tikufuna masamba ndi makoko tizipangira manyowa a kompositi oti tizithira kudimba la sukulu, mapepala ndi mabotolo tizisunga padera kuti azikakonzedwanso. Tikupempha khonsolo itithandize ndi mabini, zipangizo komanso ndalama zoyambira ntchitoyi. Tikukhulupirira kuti pempho lathu mulimva."

Ndi imeneyo. Musawanyengerere, okha anena kuti akufuna kumva pomwe palakwika.

Make Tada: Madamu pepani ine ndifunse kaye, ndiye kuti ana athuwa azikatola zinyalala mtauni mmalo mwa anthu a khonsolo? Ine wanga ndimamulipilira fizi kuti akaphunzire osati kukagwira zonyansa, mwaiwala kale kolera uja, mu Januwale 2023 sukulu za ku Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegula chifukwa cha yemweyu

Madamu a kalabu: Ayi mayi sakutuluka pa geti. Ndi zinyalala za pasukulu pompa zomwe amasesa kale mmawa uliwonse, kusiyana kwake nkoti mmalo mokazithira dzenje limodzi azizigawa. Za kuchimbudzi sizikukhudzidwa olo pang'ono.

Make Tada: Oho ndinamva molakwika. Komabe za sopo ndi madzi osamba mmanja zilembedwe, musangonena pakamwa

Kalaliki wakale: Ine ndinakhalapo pa tebulo yolandira makalata ku khonsolo ina zaka zingapo ndiye ndiyankhule mosabisa. Kalatayi ndi yaulemu koma ikafika iyikidwa mu fayilo basi. Osati chifukwa anthu ake ndi oipa ayi, koma woyiwerenga sapeza choti achite. Mabini angati? A saizi yanji? Zipangizo zake ziti? Ndalama zingati ndipo zilowa mu akaunti ya ndani, poti kalabu ya ana ilibe akaunti. Munthu akaona mawu oti ndalama opanda nambala amangolemba pamwamba kuti tidzaona bajeti ikubwerayi, ndipo chaka cha ndalama za boma pano chimayamba pa 1 Epulo, ndiye mukalemba pakati pa chaka za chaka chimenecho zinagawidwa kale.

China, okondedwa akuluakulu ndi ndani? Kalata imapita kwa mkulu wa khonsolo, iyeyo ndiye amayitsitsira kwa a zaumoyo ndi zachilengedwe omwe amayang'anira zinyalala. Idutse kwa ahedi adindepo chidindo, kope ina mupatse khansala wa dera lomwe kuli sukuluyo chifukwa ndi amene angayitchule pamsonkhano wa komiti. Pokapereka mutenge makope awiri, ina akudindireni tsiku lomwe alandira mubwere nayo. Popanda imeneyo mwezi wamawa mudzauzidwa kuti sitinayione ndipo mulibe choonetsa.

Wakujoni: Ine ndikuti anawa agwira pa ndalama koma sakudziwa. Kuno anthu amadzuka 4 koloko ndi matrole kumatola mabotolo ndi zitini mmabini, amakagulitsa pa kilo ndipo ena akulipira lendi ndi zomwezo. Sukulu ya ana mahandiredi angapo, aliyense abweretse mabotolo 5 pa sabata, pakutha pa teremu mwagula kompyuta. Za manyowazo zisiyeni nzochedwetsa, limbikirani pulasitiki

Malume a zitsulo: Achimwene aku Joni zomwe mukunenazo kumeneko nzoona koma kuno musawanamize ana. Ine ntchito yanga ndi yomweyi, ndimagula zitsulo zakutha nkumatumiza kutauni yaikulu. Botolo la pulasitiki la theka la lita likakhala lopanda kanthu ndi lopepuka kwambiri, kuti mukwanitse kilo imodzi mukufunika mabotolo 40 kapena kuposa. Thumba lalikulu lija mukalidzadza osawaponda mukaika pa sikelo mumakhumudwa. Kumeneko ogula ali pafupi munthu amangokankha trole, kuno ogula ambiri ali ku Blantyre ndi ku Lilongwe ndiye mukachotsera thiransipoti phindu latha. Galimoto imalipilitsa malo omwe katundu watenga, siyiona kuti ndi wopepuka.

Komanso tayang'anani bwino, mabotolo abwino kuno safika nkudzala komwe. Amayi a thobwa ndi ogulitsa mafuta ophikira oyeza amawagula kale limodzilimodzi, ndipo mtengo wa botolo lathunthu umaposa wa pa kilo. Chomwe chimatsala pansi pasukulu ndi majumbo ndi timapepala ta mafulizesi ndi ta zokhwasula zija, zimenezo ine sindinaonepo munthu akubwera kudzandifunsa kuti ndigule.

Wakujoni: Koma malume mukawaponda kaye nkuwamanga mabelo? Kuno ndi mmene amachitira

Malume a zitsulo: Kuponda kumathandiza ndithu, muchotse chitsekerero muponde ndi phazi, thumba limalowa mwina katatu. Ine sindikukana kuti asunge. Ndikungoti mu kalatamo asalembe kuti tizipeza ndalama asanapeze munthu woti wavomera kugula. Ayambe apeza wogula, amufunse akufuna mtundu wanji, osachepera makilo angati, abwera yekha kapena timupititsire. Apo ayi mudzadzadza kalasi yonse ndi matumba, mvula ikagwa muli udzudzu, mapeto ake mudzayatsanso.

Wa folomu 3: Mwaswera bwanji makolo ndi aphunzitsi, ndine mlembi wa kalabu ndikugwiritsa foni ya mayi anga. Zikomo chifukwa cha ndemanga. Za manambala tili nazo koma tinaopa kuti kalata italika. Tinayeza masiku 5, Lolemba mpaka Lachisanu, ndi ndowa ya malita 20. Pa tsiku timapeza pafupifupi ndowa 6 za masamba ouma osesa, ndowa 2 za makoko a nthochi, zikhutu za nzimbe, zitsononkho ndi makoko a chinangwa, ndowa imodzi ndi theka ya mapepala, ndi ndowa imodzi ya mapulasitiki. Mabotolo athunthu analidi ochepa ngati mmene anenera malume

Kalaliki wakale: Mwana wanga zimenezi ndiye mtima wa kalata, mwabisiranji? Ziyikeni pamwamba penipeni.

Alangizi opuma: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, tsopano manambala abwera ndilankhule. Mwachita bwino kwambiri kuyeza anawe. Onani zomwe ndowa zanuzo zikunena, pa ndowa 10 ndi theka, 8 nzoola. Ndiye achimwene aku Joni mundikhululukire, ntchito yaikulu pano ndi manyowa, pulasitiki ndi kagawo kochepa.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Mulu woti utenthe bwino usamachepe, tinene mita imodzi ndi theka mlifupi, chimodzimodzi mlitali, chimodzimodzi kutalika kupita mmwamba. Mulu wotere umadya ndowa pafupifupi 170. Inu mukupeza 8 pa tsiku, ndiye kuti masiku 21 a sukulu, tingoti mulu umodzi pa mwezi. Ukapsa umaphwa kufika theka kapena kuchepera apo, musadzadabwe nkumati wina waba.

Koma vuto lanu lili apa. Zouma zachuluka, 6 kwa 2, ndipo mwa ziwirizo zikhutu za nzimbe ndi zitsononkho nazonso zili ngati zouma, zimachedwa kuola. Masamba a mango ouma okhaokha mutha kuwaunjika chaka chonse mudzawapeza ali chomwecho. Tizilombo toolesa timafuna zobiriwira ndi ndowe kuti tigwire ntchito. Ndiye pamafunika udzu wauwisi, masamba a deliya uja amamera mmbali mwa msewu, gilisidiya ngati alipo, ndi ndowe za ng'ombe, mbuzi kapena zitosi za nkhuku.

Nambewe: Alangizi ine ndinayesapo kunyumba chaka chatha zinandikanika. Ndinakumba dzenje nkumathiramo chilichonse cha kukhitchini, mikute, madzi otsukira mbale, minga za nsomba, patatha masabata awiri fungo lake aneba anabwera kudzadandaula ndipo makoswe anachuluka mpaka kulowa mnyumba, agalu nawo usiku kumafukula. Ndinangokwirira. Ndiye pasukulu pomwe pali ana ambiri chonchi sizidzakhala choncho?

Alangizi opuma: Mayi Nambewe chomwe munapanga si kompositi, linali dzala lonyowa. Zinalakwika ziwiri. Nsima, minga, mafupa ndi zamafuta ndi zomwe zinaitana makoswe ndi agalu, zimenezo pasukulu asaike nkomwe. Chachiwiri madzi anachuluka mdzenje mpweya sumalowa, zikatero zimanunkha ngati dzira loola. Mukanathira masamba ouma ambiri nkutembenuza fungo likanatha masiku ochepa.

Kwa anawa ndinganene kuti apange mulu wa pamwamba, pamthunzi, kutali ndi mjigo ndi khitchini. Pansi ayale mapesi kapena timitengo kuti mpweya uzilowa. Kenako zouma zokhuthala ngati chikhatho chotambasula, awaze madzi, pamwamba pake zobiriwira theka la muyeso umenewo, kenako ndowe zala zitatu, phulusa longowaza ngati mchere osati kukhuthula, ndi dothi lapamwamba pang'ono. Abwerezenso choncho mpaka ufike pachifuwa. Zitsononkho ndi nzimbe azidule tizidutswa. Pomaliza afunditse ndi udzu kapena masamba a nthochi, nkuzika ndodo yosongoka mopendeketsa mpaka pakati.

Ndodo imeneyo ndiye dokotala wanu. Pakatha masiku 3 kapena 4 izuleni muigwire. Ikatentha ndi kunyowa, zili bwino. Ikakhala yozizira ndiye kuti zobiriwira ndi ndowe zachepa kapena mulu wauma. Mukaona zoyera ngati ufa pa ndodo, wauma, thirani madzi. Fungo la mkodzo likamamveka zobiriwira kapena zitosi zachuluka, onjezani zouma. Za madzi musavutike ndi muyeso, tapani chamkati mufinye mdzanja, chizimveka chinyezi koma madzi asachuche, kadontho kamodzi kapena tiwiri basi. Muzitembenuza pakatha masabata awiri kapena atatu, zakunja zilowe mkati. Miyezi iwiri kapena itatu amakhala apsa, akuda, ofumbutuka, onunkhira ngati dothi la mvula yoyamba.

Madamu a kalabu: Alangizi zikomo, izi ndizikopera mkope la kalabu. Koma funso, poti zoola zathu zimabwera pang'onopang'ono tsiku lililonse, tizingoonjezera pamwamba mpaka mwezi uthe?

Alangizi opuma: Funso labwino madamu, ndipo ndi pomwe ambiri amagwera. Mulu womanga pang'onopang'ono sutentha bwino chifukwa pansi pakhala pataphwa kale pamwamba pasanafike. Umaolabe koma mochedwa, ndipo njere za udzu sizifa. Chabwino nkusunga masamba ouma pambali, saonongeka, makoko a tsiku ndi tsiku muziwafotsera mkati mwa masambawo kuti ntchentche zisabwere, ndiye tsiku limodzi pa mwezi mumange mulu wonse kamodzi. Tsiku limenelo ndi lomwe mufunika zobiriwira zambiri nthawi imodzi. Dzinja sizivuta udzu uli paliponse, koma kuyambira Ogasiti mpaka mvula igwe muzipeza kuti?

Apa ndi pomwe ine ndikuona kuti khonsolo ikulowa. Kumsika tsiku lililonse amataya masamba a kabichi, mpiru wofota, tomato oola. Khonsolo imavutika nazo kukataya. Mu kalatamo mupemphe kuti kamodzi pa mwezi azikupatsani mawilibala 10 kapena kuposerapo a zimenezo. Sizifuna bajeti, mukuwachepetsera katundu.

Make Tada: Apo ndiye ayi alangizi. Mwayamba bwino koma apa ndakana. Zinyalala za kumsika ine ndimaziona tsiku lililonse ndimagulitsa komweko, muli magalasi osweka, matewera a ana otaya aja, malezala, madzi a nsomba. Madamu anena pompa kuti nza pasukulu zokha, pano tayamba kubweretsa za mtauni

Alangizi opuma: Sindikunena za pa mulu waukulu uja mayi. Ndikunena zotengera pa benchi penipeni pa ogulitsa masamba zisanasakanizidwe, kuwaikira matumba awoawo mmawa.

Make Tada: Aziyang'anira ndani kuti mthumbamo musalowe zina? Anthu akaona thumba amangoponyamo chilichonse. Ine ngati komiti ya makolo itafunsidwa ndidzakana pokhapokha akulu adzisankhula kaye ana asanagwire

Kalaliki wakale: Onse awiri muli ndi mfundo. Ku mbali ya khonsolo ndikuuzeni kuti pempho la alangizili ndi lomwe angalikonde, chifukwa mkulu wa msika atha kungouzidwa pakamwa. Koma thirakitala ya khonsolo musayidalire, mafuta amasowa, mukadikira tsiku lomanga mulu osabwera ana agwa ulesi. Mwina mulembe ngati gawo lachiwiri, loti tidzakambirana teremu yoyamba ikatha bwino.

Nambewe: Nanga bwanji osangopempha ndowe kwa makolo oweta mbuzi ndi nkhuku, mwana aliyense wa kalabu kajumbo kamodzi

Alangizi opuma: Zimenezo zingathandize kwambiri, ndowe zikakwana zobiriwira olo zichepe mulu umatenthabe. Koma masiku ano ndi kudula kwa feteleza anthu akuumira ndowe zawo, ena akupangira mbeya. Yesani muone.

Madamu a kalabu: Pali china chomwe ana sanachilembe chifukwa cha manyazi koma ine ndichinene, ndife akuluakulu. Mdzenje muja mumapezekanso mapadi a atsikana. Tikati tasiya kuyatsa, amenewo apita kuti? Mu kompositi sangalowe, wogula palibe. Pamodzi ndi majumbo, mabatire akutha ndi magalasi. Ine ndikuona ngati chenicheni chomwe tikufuna ku khonsolo nchoti azibwera kudzatenga zotsalazi.

Kalaliki wakale: Madamu mwalasa. Kupanga manyowa mkati mwa mpanda wa sukulu simufunika chilolezo cha khonsolo, ndi nkhani ya ahedi ndi komiti. Koma kuchotsa zinyalala mtauni ndi udindo wa khonsolo, ndiye apo simukupempha chifundo. Ndipo muli ndi poyambira pabwino, muwauze kuti mmalo mwa ndowa 10 pa tsiku azidzatenga imodzi kapena ziwiri zokha. Ndowa imodzi pa tsiku kwa masabata awiri a sukulu ndi malita 200, mgolo umodzi basi. Mupemphe migolo iwiri yokhala ndi zivundikiro, wina ukhale kufupi ndi zimbudzi za atsikana.

Wakujoni: Koma majumbo opyapyala aja si analetsedwa kale kumudziko? Ndimamva choncho

Malume a zitsulo: Analetsa inde, 2015, osakwana mamaikuloni 60, makampani anapita kukhoti ndipo mu 2019 khoti lalikulu la apilo linagamula kuti chiletso chikhalepo. Koma pitani pa geti ya sukulu nthawi ya buleki mukaone chomwe akukulungira mandasi ndi tchipisi.

Wa folomu 3: Zoona malume mapulasitiki ambiri omwe tinayeza amachokera pa geti. Tiyike mu kalata kuti khonsolo iwathamangitse ogulitsawo?

Make Tada: Ayi mwanawe usatero, amenewo ndi amayi a anzako omwe, fizi ikuchokera pa mandasi omwewo. Kalankhuleni nawo bwinobwino, ena avomera kuti mwana abwere ndi kambale kake

Kalaliki wakale: Mverani mayiwo. Kalata yodandaulira anthu ena imasanduka mlandu, ya manyowa iyiwalika.

Madamu a kalabu: Nanga mapepala? Ndowa imodzi ndi theka ija palibe wayitchula.

Alangizi opuma: A mmakope ong'ambika mutha kuwang'amba tizidutswa nkunyowetsa alowe mu mulu ngati zouma, koma pang'ono, akachuluka amamatana mpweya sudutsa. Onyezimira aja ayi. Ena amawanyika mmadzi nkuwaumba kukhala zophikira mmalo mwa makala, koma imeneyo ndi ntchito ina payokha musasenze zonse teremu imodzi. Ndipo ganizirani za holide. Mulu womangidwa sabata yotsekera udzafuna kutembenuzidwa ndi kuthiriridwa inu muli kunyumba, makamaka holide yaitali ija ya mu Ogasiti kukuuma. Mulembe dzina la udindo wa munthu yemwe adzauyang'anire, kaya alonda kaya ana okhala pafupi, ndipo a folomu 4 asakhale atsogoleri okha chifukwa mayeso akayandikira asowa.

Wa folomu 3: Takhala pansi ndi anzanga atatu madzulo ano talembanso gawo la pakati, taonani.

"Tinayeza zinyalala za pasukulu pathu kwa masiku 5 ndipo tinapeza kuti pa ndowa 10 ndi theka za tsiku lililonse, ndowa 8 nzoola. Zimenezi tizipangira manyowa tokha mothandizidwa ndi aphunzitsi, mulu umodzi pa mwezi. Kwa inu tikupempha zinthu zitatu. Migolo iwiri ya malita 200 yokhala ndi zivundikiro yosungira zomwe sizioola. Kuti galimoto yanu izidzatenga zimenezi kamodzi pa masabata awiri. Komanso kuti wa zaumoyo mmodzi abwere adzaone malo omwe tasankha tisanayambe. Sitikupempha ndalama. Tiyesa kwa teremu imodzi kenako tidzakulemberani zomwe tapeza. Aliyense wogwira ntchitoyi azivala magolovesi ndipo azisamba mmanja ndi sopo pamalo pomwepo."

Za kumsika sitinaike poti simunagwirizane. Za mabotolo tangoti tikufufuza wogula

Kalaliki wakale: Iyi ndiye kalata yoti munthu atha kulembapo kuti chitani. Onjezani tsiku lomwe mukufuna kuyamba, ndi kuti yankho lidzere kwa ahedi. Pakatha masabata awiri opanda yankho madamu apite ndi ana awiri atavala yunifolomu, atenge kope yodindidwa ija.

Wakujoni: Magolovesi ndi wilibala imodzi ndigula ine, madamu mundiuze mtengo kumbali. Koma za mabotolo sindinagonje, malume tafunsani anzanu aku Blantyre aja

Malume a zitsulo: Ndifunsa ndikapita ndi katundu mwezi uno, akavomera ndiziwakweza pamwamba pa zitsulo zanga. Sindikulonjeza.

Alangizi opuma: Ine ndikadali pa mawu anga kuti ikafika Seputembala opanda zobiriwira mulu wanu udzazizira, nkhani ya kumsikayi tidzaibwerera. Tsiku lomanga mulu woyamba mundiitane ndibwera ndi ndodo yanga.

Nambewe: Funso la madamu lija silinathe bwino komatu. Galimoto ikapanda kubwera mwezi wathunthu migolo itadzadza, mapadi aja mudzatani?

Madamu a kalabu: Limenelo ndilibe yankho panopa mayi Nambewe. Mawa ndikumana ndi ahedi, ndiwapempha kuti dzenje lakale tisalikwirire kaye mpaka tione ngati khonsolo izibweradi.